Lipoti la nkhani: kukonza mauthenga aukali a mayi ogulitsa kachewere ku Lizulu kuti alandire K980,000 yawo

Ntchito yanga ndi yolemba mabuku a ndalama ndi makalata a amalonda ang'onoang'ono, ndipo ambiri mwa anthu omwe ndimawathandiza amagulitsa zakumunda m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Bembeke mpaka pa mphambano ya ku Tsangano. Lolemba pa 15 Julayi 2024 kunabwera mayi ena a ku Lizulu omwe amapikula mbatata ya kachewere kwa alimi n'kumakaipereka ku malo ena ogona ndi odyera alendo mumzinda wa Lilongwe. Anafika atanyamula foni m'manja, ndipo asanakhale n'komwe pansi anandiuza kuti akufuna ndiwalembere kalata yoopseza kwambiri, chifukwa mawu awo onse anali atatha koma ndalama sizinkabwera. Sinditchula dzina lawo kapena la malo omwe ankawagula mbatatayo, koma masiku ndi ndalama ndazilemba monga zinalili, mayiwo atavomereza.

Mgwirizano wawo unali wapakamwa. Thumba lililonse linali pa K40,000, ndipo ogulawo ankayenera kulipira pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lolandira katundu. Kwa miyezi ingapo zinthu zinkayenda bwino, koma maulendo atatu omaliza, la pa 6 Meyi, la pa 20 Meyi ndi la pa 3 Juni, sanalipidwe monga mwa pangano. Mkwiyo wa mayiwa unali womveka ndithu. Mbatata ina anaitenga pangongole kwa alimi omwe amakumana nawo tsiku lililonse la msika, alimiwo ankafuna ndalama zogulira feteleza wa kudimba, ndipo ku banki m'khonde chiwongoladzanja chinkakwera mwezi ndi mwezi. Komanso aliyense wochita malonda ankakumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, choncho ndalama yokhala m'manja mwa munthu wina miyezi iwiri inkawaopsa kuti ikamadzabwera idzakhala itaonda.

Zomwe zinali mu foni

Ndinawapempha kuti tiyambe tawerenga zomwe anatumiza kale. Pa WhatsApp panali mauthenga 23 a m'masabata asanu, ndipo 9 mwa iwo anali a mawu ojambula. Oyambirira anali odandaula chabe, monga uwu: "Kodi ndalama zanga mundipatsa liti? Ndatopa nanu." Pofika kumapeto kwa Juni mawu anali atasintha: "Iwe usandiyese chitsiru. Mbatata munadya kale, miliyoni yanga ili kuti? Akuba inu." Womaliza, womwe unatumizidwa usiku nthawi ili cha m'ma 11 koloko, unati: "Mawa ndikubwera ndi apolisi, ndipo dzina la malo anuwo ndiliika pa Facebook kuti anthu akudziweni." Mbali inayo inayankha mauthenga anayi oyamba ndi mawu akuti "tikuyesetsa, mayi", kenaka inangokhala chete, ngakhale zinkaoneka kuti mauthengawo akuwerengedwa.

Chomwe ndinaona msanga si kutukwanako ayi, koma kuti m'mauthenga onse 23 munalibe ngakhale umodzi wotchula ndalama yeniyeni, tsiku lomwe katundu anaperekedwa, kapena tsiku lomwe mayiwa akufuna kuti alipidwe. Mawu akuti "miliyoni yanga" amasonyeza kuwawa kwa mtima, koma munthu wa ku ofesi ya ndalama sangalembe chikalata cholipirira pa mawu amenewo. Chachiwiri chinali chakuti mauthenga onse ankapita kwa mnyamata wosunga katundu, yemwe amawerenga matumba pakhomo la khitchini n'kusaina, koma alibe mphamvu yotulutsa ngakhale tambala. Mnyamatayo ankatukwanidwa pa chinthu chomwe sakanatha kuchikonza, ndipo uthenga womutchula wakuba sakanautengera kwa abwana ake, chifukwa bwenzi akudziikira yekha mafunso. Kunena zoona, kwa masabata asanu mayiwa ankagogoda mwamphamvu pa chitseko cha chipinda chomwe munalibe mwini ndalama.

Kuwerengera kaye, kulemba pambuyo

Sindilemba chikumbutso cha ngongole ndisanaone mapepala, ndipo izi zinawatopetsa mayiwa chifukwa iwo ankafuna kalata tsiku lomwelo. Anatulutsa kope lachikuto chofiirira ndi dothi la pamsika, komanso timapepala ta kaboni ta deliveri noti, tosonyeza katundu yemwe waperekedwa ndi kulandiridwa, tomwe anatipinda n'kutisunga m'jumbo ya shuga. M'kopemo munalembedwa matumba 12 pa 6 Meyi, matumba 15 pa 20 Meyi ndi matumba 10 pa 3 Juni. Onse pamodzi anali matumba 37, omwe pa K40,000 akukwana K1,480,000. Pa 10 Juni analandira K300,000 pa Airtel Money, choncho kwa iwo ngongole yotsala inali K1,180,000.

Titayala timapepala tija patebulo, pakona ya kapepala ka pa 20 Meyi panaoneka zolemba zazing'ono za cholembera chabuluu, zakuti "2 zowola, zabwezedwa", ndipo pansi pake panali siginecha ya wosunga katundu pamodzi ndi ya mlongo wawo wa mayiwa, yemwe anaperekeza katundu tsiku limenelo. Tinamuimbira mlongoyo pomwepo. Anavomera kuti matumba awiri anabwerera nawo, ndipo anawonjezera chinthu china chomwe mayiwa sankachikumbukira, chakuti pa 3 Juni anapatsidwa K120,000 pamanja, yomwe analipirira galimoto ndi onyamula katundu, ndipo sinalowe m'kope. Tikachotsa K80,000 ya matumba awiriwo, K300,000 ya pa foni ndi K120,000 ya pamanja, ngongole yeniyeni inali K980,000, osati K1,180,000.

Kusiyana kwa K200,000 kumeneku ndikuona kuti ndi chinthu chachikulu kwambiri m'nkhani yonseyi. Tikanalemba kalata yaulemu kwambiri koma n'kutchula K1,180,000, a ku ofesi ya ndalama akanayankha kuti mabuku awo akusonyeza zina, ndipo kukambirana kukanachoka pa funso lakuti alipira liti n'kupita pa funso lakuti ngongoleyo ndi zingati. Wangongole yemwe akufuna kuzengereza sasowa china choposa chimenecho, chifukwa kuyambira pamenepo kuchedwa kwake kumakhala ndi chifukwa chomveka. Mayiwa anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye kuti ndimawanena akuba pomwe ndalama ina inadutsa m'manja mwathu momwe." Ndinawauza kuti K980,000 ndi yawo ndithu ndipo yachedwa kwambiri, koma tsopano tikaitchula palibe angaitsutse.

Mawu atatu omwe tinachotsa

Ndisanalembe chilichonse tinakambirana za ziopsezo zomwe zinali m'mauthenga awo. Za apolisi ndinawafotokozera kuti kulephera kulipira katundu yemwe munagwirizana kuti alipidwa pambuyo pake si mlandu wakuba, koma ndi nkhani ya ngongole pakati pa anthu awiri, ndipo njira yake ndi kukasuma ku bwalo la milandu la majisitireti. Anthu a m'maofesi amadziwa zimenezi, choncho akamva kuti "ndikubwera ndi apolisi" sachita mantha, koma amangozindikira kuti wolembayo sakudziwa poyambira. Kuwonjezera apo mayiwa anati abwera mawa lake, ndipo sanapite. Chiopsezo chomwe chanenedwa n'kusachitika chimaphunzitsa wangongole kuti mawu otsatira asawalabadirenso.

Za Facebook ndi za mawu akuti "akuba" ndinawachenjeza kuti zikhoza kuwatembenukira. Munthu yemwe wanenedwa poyera kuti ndi wakuba akhoza kusuma mlandu woipitsa dzina, ndipo lamulo la m'chaka cha 2016 loona za mauthenga ndi malonda a pa intaneti limaletsa kuvutitsa kapena kuopseza munthu kudzera pa foni. Lamulo lomwelo limalola kuti mauthenga a pa foni akhale umboni m'bwalo la milandu. Apa ndi pomwe ndimauza aliyense kuti chikumbutso cha ngongole chili ndi owerenga awiri, woyamba ndi yemwe mukumulembera lero, wachiwiri ndi woweruza yemwe mwina adzachiwerenga chaka chamawa, ndipo chiganizo chilichonse chiyenera kukhala choti mungachimve chikuwerengedwa mokweza pagulu osagwetsa nkhope.

Chachitatu chinali chiwongoladzanja. Mayiwa ankafuna kuti tiwonjezere 20 peresenti pa mwezi, poti nawonso akulipira chiwongoladzanja ku gulu lawo. Ndinamvetsa maganizo awo, koma pa mgwirizano wawo panalibe mawu otero, ndipo kuika ndalama yomwe simunapangane kumatsegulanso mkangano wa chiwerengero womwe tinali titangoutseka. Tinagwirizana kuti nkhani imeneyo idzatchulidwe pokhapokha zinthu zikadzafika ku bwalo, komwe woweruza ndiye angaione.

Chikumbutso choyamba, chomwe ndinalakwitsa

Lachiwiri pa 16 Julayi tinatumiza uthenga kwa a manijala, omwe nambala yawo tinaipeza pa chidindo cha deliveri noti. Ndinaulemba ndikuganizira kwambiri za matukwana omwe anapita kale, moti ndinafuna kuziziritsa zinthu, ndipo unatuluka chonchi:

"Pepani bwana posokoneza. Ndine mayi uja ndimabweretsa mbatata. Ndimati ndingokukumbutsani za kangongole kaja ka K980,000. Mukapeza mpata mutiganizireko, zinthu zatithina kuno. Zikomo kwambiri."

Mayiwa atauwerenga anati ukumveka ngati akupempha chithandizo, ndipo ankanena zoona, koma ine ndinaumirira kuti tiyese. Yankho linabwera patatha maola awiri, lakuti "Tamva mayi, tiona", ndipo sabata inatha popanda kanthu. Nditauwerenganso ndinaona kuti pafupifupi chiganizo chilichonse chinapereka kwa a manijala njira yothawira. Mawu akuti "pepani posokoneza" anachititsa kuti mwini ndalama aoneke ngati wolakwa. Kunena kuti "kangongole kaja" kunachepetsa K980,000 mpaka kukhala kanthu kosafulumira. "Ndimati ndingokukumbutsani" ndi mawu omwe timanena tikamaopa kuti tapitirira malire, ndipo "mukapeza mpata" anasiya tsiku lolipira m'manja mwa yemwe wachedwa kale. "Zinthu zatithina" anali mawu oona, koma anasandutsa ngongole kukhala nkhani ya chifundo, pomwe ndalamayo iyenera kuperekedwa kaya mwini wake zamuthina kaya sizinamuthine.

Chichewa chathu chili ndi njira zambiri zoperekera ulemu, ndipo zina mwa izo zimagwira ntchito pochepetsa chomwe ukupempha. Poyankhula ndi apongozi kapena popempha munda kwa amfumu njira zimenezo ndi zoyenera, koma m'kalata ya ngongole zimadya mphamvu ya nkhani. Ulemu wofunika m'kalata yotere uli m'malo ena. Uli pa kunena "inu" m'malo mwa "iwe", pa moni woyenera, pa kutchula munthu ndi udindo wake, pa kusamuganizira zoipa zomwe sitingazitsimikize, ndi pa kumupatsa mpata wonena ngati mabuku ake akusiyana ndi athu. Zonsezi zimatheka popanda kuchepetsa ndalama kapena kubisa tsiku. Pakati pa "tumiza ndalama zanga" ndi "mukapeza mpata mutiganizireko" pali mawu akuti "tikupempha kuti mutumize pofika Lachisanu", omwe ndi aulemu ndithu koma sangayankhidwe ndi "tiona".

Chikumbutso chachiwiri

Lolemba pa 22 Julayi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, tinatumiza uthenga wina kwa a manijala, ndipo tinapempha wosunga katundu uja nambala ya a ku ofesi ya ndalama kuti nawonso aulandire. Nthawi yake tinachita kusankha, chifukwa uthenga wa usiku umawerengedwa munthu ali pabedi n'kuiwalika, pomwe wa m'mawa wa tsiku la ntchito umamupeza ali pafupi ndi mafayilo. Unali wotere:

"Mwadzuka bwanji bambo manijala. Ndine mayi wa ku Lizulu yemwe ndimakuperekerani mbatata ya kachewere. Ndikulemba za malipiro a katundu wa maulendo atatu: pa 6 Meyi matumba 12, K480,000, pa 20 Meyi matumba 13 omwe munalandira mutabweza awiri, K520,000, pa 3 Juni matumba 10, K400,000. Zonse pamodzi ndi K1,400,000. Ndinalandira K120,000 pa 3 Juni ndi K300,000 pa 10 Juni, choncho yotsala ndi K980,000. Tinagwirizana kulipira pasanathe masiku 14, ndipo tsiku la ulendo womaliza linakwana pa 17 Juni. Ndikupempha kuti mutumize K980,000 pofika Lachisanu pa 26 Julayi, pa nambala yomwe munatumizira pa 10 Juni. Ngati mabuku anu akusonyeza zosiyana, mundidziwitse pofika Lachitatu kuti tiziyerekeze. Zithunzi za madeliveri noti atatu ndaziphatikiza. Zikomo."

Mayiwa anadabwa kuti m'uthengamo tinayamba ndife kutchula matumba awiri owola ndi K120,000, zinthu zomwe kwa iwo zinkaoneka ngati zothandiza mbali inayo. Ndinawafotokozera kuti wolandira akaona kuti tachotsa tokha zomwe iye akanatikumbutsa, amadziwa kuti chiwerengero chotsalacho tachifufuza, ndipo amasowa pogwira. M'uthengamo munalibenso funso lakuti "chifukwa chiyani simunalipire", poti funso lotere limaitana nkhani yaitali ya mavuto a bizinesi, ndipo ukaimva umakakamizika kuiyankha m'malo mokamba za tsiku. Tinapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo mpata wotsutsa tinaupatsa malire ake a Lachitatu, kuti kutsutsako kusadzatulukire Lachisanu madzulo.

Panali funso lakuti kodi tipepese pa matukwana aja. Maganizo anga anali akuti kupepesako n'kofunika, koma kusalowe m'chikumbutso, chifukwa kukanasakaniza nkhani ziwiri n'kuchititsa kuti ngongole ioneke ngati ikudikira kukhululukirana. Munthu yemwe anatukwanidwa anali mnyamata wosunga katundu, choncho mayiwa anamuimbira yekha padera. Anamuuza kuti, "Achimwene, ndinakulankhulani mawu osayenera pa nkhani yomwe si yanu, mundikhululukire." Mnyamatayo ndiye anawauza chinthu chomwe palibe anali atachinena m'masabata onse aja, chakuti kuyambira mu Meyi ku ofesi ya ndalama kunabwera munthu watsopano yemwe salipira pa deliveri noti yokha, koma amafuna invoisi, chikalata chomwe wogulitsa amalembapo ndalama zomwe ayenera kulipidwa, ndipo mayiwa anali asanaperekepo invoisi ngakhale imodzi.

Lachiwiri pa 23 Julayi a ku ofesiko anayankha zomwezo, n'kuwonjezera kuti chiwerengero cha K980,000 chikugwirizana ndi chawo. Tinagula buku la invoisi, tinalemba atatu, lililonse ndi tsiku lake ndi nambala ya deliveri noti yake, ndipo tinatumiza zithunzi masana omwewo. Sindikunena kuti invoisi ndiyo inali chifukwa chokhacho cha kuchedwaku, chifukwa zomwe zinatsatira zinaonetsa kuti ndalama nazo zinkawavuta, koma chopinga chimenechi chinali chenicheni, ndipo mauthenga 23 aukali sanachitulukire pomwe foni imodzi yopepesa inachitulukira. Yankho lawo lovomereza chiwerengero tinalijambula n'kulisunga, poti wangongole akavomera polemba kuti ngongole ndi yakuti, umenewo ndi umboni wolimba kuposa kope lililonse.

Pangano la magawo awiri ndi kalata yomaliza

A manijala anaimba foni n'kupempha kuti alipire kawiri, K500,000 pa 26 Julayi ndi K480,000 pa 9 Ogasiti. Mayiwa anavomera, ndipo atangodula foni tinalemba uthenga waufupi wobwereza panganolo ndi masiku ake, n'kupempha kuti a manijala ayankhe ngati talemba zoona. Anayankha kuti "Ndi choncho." Pangano la pa foni likapanda kulembedwa tsiku lomwelo, pakatha sabata aliyense amalikumbukira mwa njira yake. K500,000 inafika Lolemba pa 29 Julayi, itachedwa ndi masiku atatu, ndipo tinayankha pothokoza, kutchula ndalama yomwe yalandiridwa, yotsala, ndi tsiku la 9 Ogasiti. Za masiku atatuwo sitinakambepo.

Pa 9 Ogasiti sikunabwere kanthu. Loweruka usiku mayiwa anandiimbira atapsa mtima, n'kundiuza kuti alemba kale uthenga koma sanautumize. Tinali titagwirizana kuti uthenga uliwonse wolembedwa ndi mkwiyo uziyamba wabwera kwa ine kapena ugone mpaka m'mawa, ndipo pa zonse zomwe tinapangana chimenechi ndi chomwe chinawavuta kwambiri kusunga. Uthengawo unati: "Ndinadziwa kuti ndinu anthu abodza. Mwandipusitsanso." Ndinawauza kuti mkati mwa mawu amenewa muli mfundo yoona imodzi, yakuti pangano lolembedwa laswedwa, ndipo mfundo imeneyo ndi yamphamvu ikanenedwa ndi tsiku lake kusiyana ndi ikanenedwa ndi dzina lonyoza. Umu ndi momwe ndimagwirira uthenga uliwonse waukali: pa chiganizo chilichonse ndimafunsa kuti chinachitika n'chiyani kuti munthu anene chonchi, n'kulemba chochitikacho, n'kusiya chiweruzo cha khalidwe la munthu. "Ndinu abodza" amasanduka "munalonjeza pa 9 Ogasiti ndipo sizinafike". "Mwandipusitsa" alibe chochitika china kuseri kwake, choncho amangochotsedwa.

Apa tinafunika kutchula chotsatira, ndipo ndinawafunsa mayiwa zomwe angachitedi, osati zomwe angakonde kunena. Panali ziwiri. Wosunga katundu anali atafunsa matumba ena 10, poti ophika ankaikonda mbatata yawo pa tchipisi, ndipo mayiwa akanatha kukana. Komanso anati ali okonzeka kukasuma, ngakhale zikanawadyera ndalama zoyendera ndi masiku a msika. Ndinawauza kuti malamulo amapereka zaka 6 zosumira ngongole ya mgwirizano, choncho nthawi sinkawathamangitsa, koma akalemba tsiku ayenera kulisunga. Lolemba pa 12 Ogasiti tinasindikiza kalata papepala, makope awiri, ndipo thunthu lake linati:

"Pa 24 Julayi tinagwirizana polemba kuti K480,000 yotsala iperekedwa pa 9 Ogasiti. Mpaka lero sinafike. Ndikupempha kuti iperekedwe pofika Lolemba pa 19 Ogasiti. Matumba 10 omwe mwafunsa ndidzawabweretsa ndalamayi ikalipidwa. Ngati pofika tsiku limeneli sidzakhala italipidwa, ndidzakapereka nkhaniyi ku bwalo la milandu. Ndagwira nanu ntchito bwino kwa nthawi yaitali ndipo ndikufuna tipitirize, n'chifukwa chake ndayamba ndakulemberani."

Mlongo wawo uja anakaipereka pamanja, ndipo kope lachiwiri linabwerera litadindidwa ndi kusainidwa tsiku lolandirira, pomwe chithunzi chake tinatumizanso pa WhatsApp. Kusintha kuchoka pa foni kupita pa pepala la chidindo kumanena zambiri popanda kukweza mawu, chifukwa aliyense wa mu ofesi amadziwa kuti pepala lotere likusungidwira tsiku lina. M'kalatamo mawu a bwalo la milandu anatchulidwa kamodzi kokha, m'chiganizo chimodzi, popanda "mudzaona" kapena "musadzandinene". Chiganizo chomaliza ena angachione ngati chofewetsa, koma ndinachisiya poti chinali choona, ndipo chinapatsa a manijala njira yolipirira osaoneka ngati agonja pa ndewu.

Malire a njira imeneyi

Kalembedwe kabwino sikapanga ndalama pomwe palibe. Kamathandiza pomwe wangongole ali ndi anthu angapo ofuna kulipidwa ndipo akusankha woyamba, kapena pomwe pali chopinga cha mapepala chomwe palibe wachinena. Zizindikiro zomwe zinandipatsa chiyembekezo m'nkhani iyi zinali zakuti ogulawo anavomereza chiwerengero polemba, anatchula okha masiku, analipira gawo, ndipo ankafunabe katundu. Ndikaona wangongole yemwe akusintha nambala ya foni, yemwe pa chikumbutso chilichonse akutulutsa dandaulo latsopano la katundu yemwe anamulandira kalekale osadandaula, kapena yemwe akukana kulemba chilichonse, sindilangiza chikumbutso chachinayi ndi chachisanu, poti pamenepo makalata ambiri amangomupatsa nthawi.

K480,000 inalowa Lachisanu pa 16 Ogasiti, kutatsala masiku atatu kuti tsiku lija likwane, ndipo tinatumiza risiti yosonyeza kuti ngongole ya maulendo atatu aja yatha yonse. Matumba 10 anapita Lolemba lotsatira, koma asananyamuke tinalemba pangano la tsamba limodzi lomwe mbali zonse zinasaina: theka la ndalama liziperekedwa tsiku lolandira katundu, theka linalo pasanathe masiku 14, invoisi izipita limodzi ndi deliveri noti, thumba lobwezedwa lizilembedwa pa makope onse awiri, ndipo za malipiro azikamba ndi a ku ofesi ya ndalama osati wosunga katundu. M'kope la mayiwa tinawonjezera mzere wa ndalama zolandiridwa pamanja, womwe mlongo wawo amasainamo akangotsika galimoto pa Lizulu.